Tsinzinani pang'ono, positala ikuuzani kumene yapendekera

Wokonza positala ndi munthu wodutsa pamsewu saona chinthu chimodzi. Wokonzayo wakhala nayo tsiku lonse, mphuno ili pafupi ndi kompyuta, ndipo chilembo chilichonse akuchidziwa pamtima. Wodutsayo ali pa kabaza kapena pawindo la minibasi, maso ali kutsogolo, positalayo yangomulowera cham'mbali mwa diso. Poyamba sawerenga kanthu. Amangoona chigamba chakuda apa, choyera apo, mwina kachinthu kofiira pakona. Zigamba zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti atembenuze khosi kapena angopitirira.

Si kuti wodutsayo ndi wamphwayi ayi, diso la munthu linapangidwa choncho. Kamalo kamene timaonera zinthu bwinobwino m'diso n'kakang'ono kwambiri, kamangokwana madigiri pafupifupi awiri. Tambasulani dzanja lanu n'kuyang'ana chikhadabo cha chala chachikulu: kukula kwa chikhadabocho ndi pafupifupi malo onse amene diso limaona mwakuthwa pa nthawi imodzi. Zonse zozungulira pamenepo timaziona mwachimbuuzi, kungoti diso limadumphadumpha mofulumira, ndiye sitizindikira. Tsono positala ya A3, yomwe ndi yotalika masentimita 42, ikakhala pamtunda wa mamita 10 imaoneka kukula ngati chikhadabo chomwecho. Ntchito yonse ija, mayina onse aja, zakwana pa chikhadabo.

N'chifukwa chake anthu ojambula, kuyambira opaka penti pansalu mpaka okonza zikwangwani, ali ndi chizolowezi chobwerera m'mbuyo n'kutsinzina mosatsekeratu maso. Zikope zikayandikana, kuwala kolowa m'diso kumachepa, tsitsi la m'zikope limasokoneza chithunzi, ndipo tizilembo ndi timizere timasungunuka. Chotsala ndi zigamba zikuluzikulu zakuda ndi zowala. Phindu lake lalikulu n'lakuti munthu amaleka kuwerenga. Nthawi yonse imene mukuwerenga, mutu wanu uli pa tanthauzo la mawu, ndipo mumaganiza kuti tsiku la mwambo likuoneka bwino chifukwa mukudziwa pamene lili. Kuwerenga kukatheratu m'pamene mumaona kulemera kwa zinthu.

Kulemera kumene tikunena

Pepala sililemera mbali imodzi, koma diso limaona ngati likulemera. Chinthu chakuda pa pepala loyera chimaoneka cholemera kuposa chotuwa. Chachikulu chimalemera kuposa chaching'ono. Chimene chili chokha, chozunguliridwa ndi malo opanda kanthu, chimalemera kuposa chinzake chofanana nacho chimene chili m'chigulu. Ndipo chinthu chikatalikira pakati pa pepala, kupita kumphepete, mphamvu yake yokokera diso kumeneko imakula. Rudolf Arnheim, katswiri wa maganizo a munthu wobadwira ku Germany amene anakagwira ntchito ku America, anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la 1954 lonena za mmene timaonera zojambula. Iye anayambira pa chinthu chapafupi: kadontho kakuda m'bwalo la ngodya zinayi. Kakakhala pakati penipeni kamaoneka kokhazikika. Kakasuntha pang'ono chabe kamasowetsa mtendere, ngati kakufuna kubwerera pakati.

Mayi wosenza mtolo wautali wa nkhuni amadziwa nkhani imeneyi. Ngati matsinde onse ali mbali imodzi ndipo nsonga zili mbali inayo, nkhata saiika pakati pa utali wa mtolowo. Amausuntha mpaka mutu utayandikira kumatsinde, kuti kumatsindeko kukhale kwakufupi ndi kolemera, kunsonga kukhale kwakutali ndi kopepuka. Mbali ziwirizo sizifanana ngakhale pang'ono, koma mtolo sugwa ndipo manja ali pansi. Positala yokhazikika popanda kufanana mbali imatero: cholemera chimayandikira pakati, chopepuka chimapita kutali.

Njira inayo ndi yofananitsa mbali ziwiri, kuti mutapinda pepala pakati kuchokera pamwamba kutsika pansi, kumanja ndi kumanzere zigwirizane. Mbendera ya Malawi ndi yotero: mizere itatu yopingasa, dzuwa pakati penipeni pa mzere wapamwamba. Kapangidwe kameneka kamapereka ulemu ndi bata. Chidziwitso cha maliro, kapepala koitanira anthu ku ukwati, satifiketi, zonsezi zimayenera kukhala choncho, ndipo ine sindingalangize munthu kuti chithunzi cha malemu achikankhire pakona pofuna kuoneka wamakono. Koma pali msampha. Kuika chilichonse pakati n'kosavuta, batani limodzi lokha pa kompyuta, ndiye ambiri amatero asanaganize kuti chofunika kwambiri n'chiti. Positala yotero mukaitsinzinira imasanduka mzati umodzi wotuwa wotsika pakati pa pepala, wopanda mutu, wopanda pamene diso lingayambire. Siikugwa, n'zoona, koma siikuitananso munthu.

Mkangano wa njira ziwirizi ndi wakale. Jan Tschichold, katswiri wa zilembo wa ku Germany, anatulutsa buku mu 1928 lonena kuti kusanja zonse pakati n'kwachikale, ndipo kuti zosindikiza za nthawi yatsopano zizisanjidwa mosafananitsa mbali, malinga ndi kufunika kwa uthenga. Patapita zaka anabweza mawu ena. Pamene ankagwira ntchito ku kampani ya mabuku ya Penguin ku England kuyambira 1947 mpaka 1949, masamba oyamba a mabuku ankawasanjanso pakati. Ine ndimaona kuti iye anazindikira kuti funso si lakuti njira yabwino ndi iti, koma kuti uthenga uwu ukufuna bata kapena ukufuna kuyenda.

Onani positala imene Josef Müller-Brockmann wa ku Zurich anakonzera bungwe la oyendetsa galimoto la ku Switzerland mu 1953, yochenjeza za kuteteza ana pamsewu. Pali njinga yamoto yaikulu kwambiri, yakuda, yopendekeka, yodzaza gawo lalikulu la pepala, ndipo kutsogolo kwake kuli kamwana kakang'ono kakuthamanga. Mukaitsinzinira mumaona chimthunzi chachikulu ndi kadontho kamodzi. Kadonthoko sikasowa, chifukwa kali kokha pamalo owala. Apa kusafanana kwa mbali ndi uthenga weniweniwo: chachikulu chikuthamangira chaching'ono. Akanaika mwanayo ndi njingayo pakati, zofanana kukula, mantha onse akanatha.

Mmene mungayesere

Kutsinzina sikufuna chipangizo. Imirirani, bwererani masitepe angapo, tsekani diso limodzi, linalo litsale kamng'alu. Koma amene saona patali asamale: kwa iwo kutsinzina kumakonza chithunzi m'malo mochisokoneza, n'chifukwa chake mwana wa vuto limeneli amatsinzina poyang'ana pa bolodi m'kalasi. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, ingovulani magalasi, chimbuuzi chibwera chokha.

Pa kompyuta ntchitoyi imachitika mwadongosolo, ndipo ubwino wake ndi wakuti chithunzi chachimbuuzicho chimakhala pamenepo, mutha kuchiyang'ana modekha kapena kuonetsa mnzanu. Sungani kope lina la positalayo, kuti musawononge yeniyeni. Chotsani mitundu yonse, patsale zakuda, zotuwa ndi zoyera. Kenako ikani chimbuuzi. Mu Photoshop pitani pa Filter > Blur > Gaussian Blur, mu GIMP, yomwe ndi yaulere, pa Filters > Blur > Gaussian Blur. Amene ali ndi ImageMagick angalembe mzere umodzi:

```
magick positala.png -resize 1000x -colorspace Gray -blur 0x20 chimbuuzi.png
```

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kuchuluka kwa chimbuuzicho. Positala ya A3 yokonzedwera kusindikiza pa 300 dpi imakhala ndi mapikiselo 3508 m'mimba mwake. Mukaikapo chimbuuzi cha mapikiselo 5, palibe chimene chisinthe, mawu onse awerengekabe, ndipo mudzinamiza kuti mayeso mwakhoza. Poyambira pabwino ndi magawo awiri pa 100 aliwonse a m'mimba mwa chithunzi: mapikiselo 20 pa chithunzi cha 1000, kapena 70 pa cha 3508. Chizindikiro chakuti mwafika ndi ichi: tizilembo tonse tasanduka utsi, mutu wa positala watsala ngati mzere wakuda wosawerengeka, koma mukuthabe kuloza kuti apa pali munthu, apo pali mawu. Mukapitirira muyeso zonse zimasanduka mtambo umodzi ndipo simuphunzirapo kanthu.

Amene akukonzera pa foni angathe kungochepetsa chithunzicho. Positala ya A3 yoonedwa pa mamita 10 imafanana ndi kachithunzi kotalika mamilimita 13 pa foni imene mwaigwira masentimita 30 kuchokera kumaso. Tizithunzi ting'onoting'ono timene foni imaonetsa posankha zithunzi timagwira ntchito imeneyi bwino ndithu.

Chitsanzo: positala ya usiku wa makwaya

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yokonza positala ya usiku wa makwaya pa tchalitchi china, ndipo pali woimba mmodzi woitanidwa amene anthu amamudziwa. Pepala ndi A3, m'mimba mwake pafupifupi masentimita 30, choncho mzere wapakati uli pa 15. Mutu mwauyala pamwamba kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndiye sukokera kulikonse, tiusiye. Kumanzere mwaika chithunzi cha woimbayo atavala suti yakuda, masentimita 12 m'mimba, 25 m'litali. Kumanja mwaika mawu: tsiku, malo, nthawi, mtengo wolowera pakhomo, mayina a makwaya, onse m'zilembo zoonda. Malo a mawuwo ndi masentimita 12 m'mimba, 20 m'litali. Poyang'ana ndi maso otseguka zikuoneka zachilungamo: theka la munthu, theka la mawu.

Ikani chimbuuzi. Kumanzere kwatsala chimthunzi chakuda bii, kumanja kwatsala kautsi koyererako. Chifukwa chake n'chakuti malo a mawu amakhala ndi pepala loyera lambiri kuposa inki. Pakati pa zilembo, pakati pa mizere, ngakhale m'kati mwa chilembo ngati o, monsemo ndi moyera. Chimbuuzi chimasakaniza inkiyo ndi kuyerako, n'kutulutsa mtundu wotuwa wopepuka.

Tingathe kuika manambala pa zimenezi, osati chifukwa diso limawerengera, koma kuti tione kukula kwa vutolo. Chithunzi cha woimba chatenga malo okwana 12 kuchulukitsa ndi 25, omwe ndi 300. Kuda kwake tinene kuti ndi magawo 8 pa 10, ndiye kulemera kwake ndi 240. Pakati pa chithunzicho pali masentimita 8 kumanzere kwa mzere wapakati, choncho mphamvu yake yokokera kumanzere ndi 240 kuchulukitsa ndi 8, yomwe ndi 1920. Mawu aja atenga malo okwana 240, koma kuda kwawo ndi magawo awiri okha pa 10, ndiye kulemera kwawo ndi 48. Nawonso ali masentimita 8 kuchokera pakati, kumanja, ndipo mphamvu yawo ndi 384. Kumanzere kukukoka kasanu kuposa kumanja. Munthu wodutsa aona woimbayo, mwina amuzindikira, koma tsiku ndi malo sizimugwira diso. Adziwa kuti kukubwera wakutiwakuti, osadziwa kuti liti.

Maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti tiwonjezere chithunzi china kumanja kuti zifanane, mwina cha kwaya yonse. Apa m'pamene mapositala ambiri a m'misewu yathu amafera. Komiti imafuna kuti kwaya iliyonse ioneke, aliyense wothandiza aikidwe chizindikiro chake, ndipo wokonza, poopa kukhumudwitsa anthu, amadzaza ngodya zonse. Mukaitsinzinira positala yoteroyo, paliponse m'potuwa mofanana. Mbali zalingana, koma zalingana chifukwa palibe chimene chapambana chinzake, ndipo diso lilibe poima.

Njira yabwino ili ndi mbali zitatu, ndipo palibe chowonjezera chachikulu. Choyamba, sunthani woimbayo ayandikire pakati, kuti pakati pa chithunzi chake pakhale masentimita 4 okha kumanzere kwa mzere wapakati. Kulemera kwake sikunasinthe, koma mphamvu yake yatsika kufika pa 960. Chachiwiri, tulutsani tsiku m'gulu la mawu aja, muliike lokha m'kabokosi kakuda ka masentimita 8 mbali zonse, zilembo zake zoyera ndi zonenepa, m'munsi chakumanja, masentimita 10 kuchokera pakati. Kabokosiko n'kakang'ono, kulemera kwake pafupifupi 50, koma poti kali kutali mphamvu yake ndi 500. Chachitatu, chepetsani mawu otsalawo. Mayina a makwaya akhale mizere iwiri, malo ndi nthawi zikhale m'zilembo zonenepa. Malo ake atsika kufika pa 120, koma kuda kwake kwakwera kufika magawo 4 pa 10, ndiye kulemera kukadali 48. Pa masentimita 9 kuchokera pakati, mphamvu yake ndi 432. Kumanja tsopano kuli 932, kumanzere 960.

Ikaninso chimbuuzi. Tsopano pali zigamba zitatu zosiyana kukula: chachikulu ndi woimba, chachiwiri ndi mzere wa mutu pamwamba, chachitatu ndi kabokosi ka tsiku. Diso liyamba pa woimba, likwera pa mutu, litsikira pa tsiku. Kumanzere kwa woimbayo kwatsala mpata woyera wa masentimita 5, ndipo wina m'komiti adzafunsa kuti bwanji osaikapo kanthu popeza pepala talipira lonse. Mpata umenewo uli pa ntchito. Ndi umene ukuchititsa kuti mapewa a woimbayo aoneke patali. Muonetseni wofunsayo zithunzi ziwiri zachimbuuzi, choyamba ndi chachiwiri, pambali pa chinzake. Zimenezi zimamveka msanga kuposa kufotokoza.

Pa kukwera ndi kutsika, lamulo lake ndi losiyana pang'ono. Chinthu choikidwa pakati penipeni pa utali wa pepala chimaoneka ngati chatsika, choncho chimene mukufuna kuti chioneke pakati muchikweze pang'ono, ndipo mpata wapansi ukhale wokulirapo kuposa wapamwamba. Ngati chimbuuzi chikuonetsa kuti kuda konse kwaunjikana pansi, pamwamba pali mbee, positala imaoneka ngati ikumira. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pamene zizindikiro za othandiza zandandalikidwa m'munsi pa mzere wakuda wonenepa.

Zimene chimbuuzi chimabisa

Mayesowa ali ndi malire ake, ndipo wowakhulupirira kwambiri amapusitsidwa. Chachikulu chimene amafufuta ndi nkhope. Diso la munthu limathamangira nkhope ya munthu mnzake ngakhale ili yaing'ono ndi yotuwa, ndipo limatsatira kumene nkhopeyo ikuyang'ana. M'chitsanzo chathu, ngati woimbayo akuyang'ana kumanja, kumene kuli mawu, akutengera owerenga ku tsiku ndi malo, ndipo kumanjako kukulemera kuposa mmene manambala anenera. Ngati akuyang'ana kumanzere, kunja kwa pepala, akutulutsa maso a anthu m'positala, ngakhale chithunzi chachimbuuzi chikuoneka chokhazikika bwino. Zikatero ndi bwino kusinthanitsa mbali, woimba apite kumanja, mawu abwere kumanzere, kusiyana ndi kutembenuza chithunzi cha munthuyo. Chithunzi chotembenuzidwa chimaulula chokha: gitala imapezeka kudzanja lolakwika, zolembedwa pa malaya zimawerengeka chobwerera.

Mitundu nayo imafuna kuyesedwa kawiri, ilipo ndiponso itachotsedwa. Pa kuwala kumene diso limamva kuchokera pa sikirini, mtundu wobiriwira umapereka pafupifupi magawo 72 pa 100, wofiira 21, wabuluu 7 okha. Chikasu ndi kusakaniza kwa kuwala kofiira ndi kobiriwira, choncho chimawala pafupifupi ngati choyera. N'chifukwa chake mawu achikasu pa pepala loyera amasowa mukangotsinzina, ndipo mawu abuluu pa malo akuda amasowanso. Zilembo zofiira pa malo obiriwira moderako zimaoneka zaphokoso pafupi, koma mitundu ikachotsedwa ziwirizo zimatha kukhala kutuwa kumodzi, ndipo patali m'mphepete mwa zilembo simuoneka. Komabe kadontho kofiira kwambiri pakati pa zinthu zotuwa kamakoka diso kuposa mmene chithunzi chopanda mitundu chingasonyezere. Positala ya machesi a Priester imene Lucian Bernhard anajambula ku Berlin cha m'ma 1905 ili ndi timitengo tiwiri tokha ta machesi, tofiira, mitu yake yachikasu, ndi dzina la kampani pamwamba pake, zonse pa malo akuda. Pochotsa mitundu, kufiirako kumazilala ndithu, koma ndi mitundu yake timitengoto ndi timene timagwira diso. Choncho chithunzi chotuwa chikuuzeni za kulemera, chamitundu chikuuzeni za chimene chikukuwa, ndipo muziyang'ane zonse.

Pali vuto linanso lochokera kwa wokonza mwiniwake. Diso likazolowera positala limaleka kuona kupendekeka kwake. Njira yake ndi kuitembenuza ngati pagalasi loyang'anira nkhope, kapena kuizondotsa mutu pansi, kenako n'kutsinzina. Mu ImageMagick, kuwonjezera -flop pa mzere uja kumasinthanitsa kumanja ndi kumanzere. Positala yokhazikikadi imakhalabe yokhazikika ikatembenuzidwa. Imene imangooneka bwino chifukwa munaizolowera imagwera mbali imodzi nthawi yomweyo.

Mayeso omaliza achitikire pa pepala, osati pa sikirini. Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pepala limadalira kuwala kwa pamalopo, ndipo makina ambiri a fotokope amadetsa zotuwa moderako n'kufufuta zotuwa moyererako. Suti ya woimba uja ingathe kutuluka yakuda kuposa mmene munaionera, pamene mawu oonda atuluka ofooka, ndiye kupendekeka kumene munakonza kwabwereranso. Ngati musindikiza pa pepala lamtundu, la pinki kapena labuluu, zoyera zonse zasanduka zotuwa ndipo kusiyana kwa kuda ndi kuwala kwachepa paliponse. Sindikizani kope limodzi lokha musanalipire mazana, mulimate pakhoma lofanana ndi limene mapositalawo akamatidwe, pakati pa mapepala ena ngati alipo, mubwerere mamita 10, mutsinzine. Ngati zigamba zitatu zija zikuonekabe motsatana, woimba, mutu, tsiku, uzani wosindikiza apitirize. Ngati kabokosi ka tsiku kamira, kakulitseni ndi sentimita imodzi mbali zonse, kapena muchepetse kuda kwa suti, musindikizenso kope limodzi.